Ulembi wa banki m'khonde m'kalata yofunsira ntchito

Funso: Ndili ndi MSCE ndipo ndikufunsira ntchito yoyang'anira sitolo ya zipangizo zaulimi. Akuti ndisonyeze kuti ndinatsogolerapo anthu, koma sindinalembedwepo ntchito kulikonse. Chomwe ndagwirapo ndi ulembi wa banki m'khonde ya m'mudzi mwathu, anthu 22, kwa zaka ziwiri. Ndilembe zimenezi, kapena akandiseka? — Mtsikana wa ku Dedza

Lembani, chemwali, musachite nazo manyazi. Mwini sitolo akufuna munthu wosamala ndalama za eni ake, wosunga mabuku olondola, komanso wotha kukaniza ngongole munthu amene amadziwana naye. Zonsezi mlembi wa banki m'khonde amakumana nazo pamsonkhano uliwonse.

Koma dzina la udindo palokha silikupindulitsani. Mukangolemba kuti "ndinali mlembi wa gulu ndipo ndili ndi luso la utsogoleri", wowerenga adutsa osaima, chifukwa mawu amenewo amawapeza pafupifupi m'kalata iliyonse. Iye akufuna kuona nthawi imodzi pamene zinthu zinkapita kuphompho, inu n'kuchitapo kanthu, anzanu n'kukumverani.

Choncho musanagwire cholembera, tengani kope la gulu mulifufuze. Pezani vuto limodzi lokha lomwe munaliona inuyo. Tiyerekeze kuti chaka choyamba anthu 6 anafika mwezi wa Disembala, nthawi yogawana, asanamalize kubweza, ndipo kugawana kunachedwa. Mutayang'ana m'kope munapeza kuti onsewo anakongola ndalama zochuluka kwambiri poyerekeza ndi masheya awo. Ndime yanu ingamveke chonchi:

"Kwa zaka ziwiri ndakhala mlembi wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la anthu 22. Chaka choyamba anthu 6 analephera kubweza ngongole nthawi yogawana isanakwane. Nditafufuza m'mabuku ndinapeza kuti tinkabwereketsa osayang'ana masheya a munthu. Ndinapempha gulu kuti ngongole isamapitirire masheya kuchulukitsa katatu, komanso kuti ndiziwerenga poyera ngongole zotsala pamsonkhano uliwonse. Ena anakana poyamba, koma nditawaonetsa mawerengero anavomera. Chaka chachiwiri anachedwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo tinagawana pa tsiku lomwe tinapangana. Kusamala komweku ndidzakugwiritsa ntchito pa katundu ndi ndalama za sitolo yanu."

Taonani pomwe akuti ena anakana. Ambiri amachotsa mawu otere poopa kuoneka a mikangano, chikhalirecho utsogoleri wagona pomwepo. Kulemba manambala bwino ndi ntchito ya kalaliki. Koma kuti mtsikana aimirire pamaso pa amayi a msinkhu wa mayi ake, ena ali azakhali ake enieni, n'kuwatsutsa mwaulemu pa nkhani ya ndalama zawo, pamenepo mwini sitolo aona munthu amene angalangize antchito omuposa zaka.

Chenjeraninso ndi "tina-". Tinakula tikuuzidwa kuti kudzitama n'koipa, ndiye dzanja limathamangira kulemba "tinaona", "tinaganiza", "tinakonza". Ulemu umenewu m'kalata umakubisani, pakuti wowerenga sadziwa ngati munayambitsa ndinu kapena munangokweza nawo mkono povota. Chomwe munachita nokha lembani "ndina-", zomwe linachita gulu zisiyireni gulu. Ngati kalatayo ikufunika m'Chingerezi, yambani mwaiyala m'Chichewa chonchi, kenako poitembenuza muonetsetse kuti kusiyana kumeneku sikunatayike.

Manambala a m'chitsanzomo musawakope, ikani anu enieni ochokera m'kope. Pokufunsani maso ndi maso adzakupanikizani pomwepo: sheya imodzi inali ndalama zingati, chiwongoladzanja munkawerengera bwanji, wochedwa ankalipira chindapusa chanji, makiyi a bokosi ankasunga ndani. Wokokomeza amagwidwa pa funso lachiwiri. Musadzikwezenso n'kudzitcha manijala wa zachuma pomwe munali mlembi. Mayina a omwe analephera kubweza asalowe m'kalata ngakhale pang'ono. Woulula zinsinsi za gulu adzaululanso za sitolo.

Ndime imeneyi ikhale yachiwiri, pambuyo poti mwatchula ntchito yomwe mukufuna ndi komwe munaimva, ndipo kalata yonse ikwane tsamba limodzi.

Pa nkhani ya mboni, perekani wapampando wa gulu kapena msungichuma, bola asakhale mbale wanu, poti mawu a mbale olemba ntchito sawawerengera kwenikweni. Mupite mukawapemphe kaye, muwawerengere ndimeyo kuti avomereze kuti ndi mmene zinayendera, ndipo mulembe nambala ya foni yomwe imapezeka masana. Muwauzenso dzina la sitoloyo, kuti akadzaimbiridwa asadzayese ndi akuba a pafoni n'kudula.