Wotchi ikutha, hatchi yadyedwa: musunthe chiyani?

"Ndimasewera chesi ndi anzanga pa Kasungu boma. Akandidyera hatchi, pa wotchi n'kutsala masekondi 20, mutu umaima. Mwina nthawi imandithera, mwinanso ndimasuntha mwaphuma n'kugonjeratu. Ndizitani?"

Achimwene, nthawi imeneyo musavutike n'kufunafuna kasunthidwe kopambana konse. Maso anu achoke pa zofuna zanu, apite pa zida za mnzanuyo. Kodi ndikasuntha ichi, ali ndi cheki? Pali changa chimene adye ulele? Ngati zonse ziwiri palibe, sunthani, dinani wotchi. Zina muziganiza wotchi yake ikamayenda.

Yalani bolodi chonchi. Inu oyera: mfumu pa g1, ruku pa d1, maponi pa b2, f2, g2 ndi h2. Akuda: mfumu pa g8, ruku pa e8, hatchi pa c6, maponi pa b7, f7, g7 ndi h6. Osuntha ndinu.

Dzanja lithamangira kuika ruku pa d7 kuti mubwezeko podya poni ya pa b7. Pamenepo masewera atha: ruku yake itsikira pa e1, mfumu yanu yotsekeredwa ndi maponi ake omwe ilibe kolowera, chekimeti. Ena amakankha poni kupita pa h3 kuti mfumu ipume. Sizoipa, koma ruku yake ilowa pa e2 n'kuyamba kuvutitsa b2 ndi f2, ndipo muyenera kuganiza kwambiri pamene nthawi mulibe.

Ine ndingasunthe mfumu kupita pa f1. Ikatero ikulondera e1 ndi e2, ruku yakuda yasowa khomo. Hatchi nayo ilibe cheki chapafupi. Malo amene ingaopsezere mfumu ndi ruku nthawi imodzi ndi e3, koma apo poni ya pa f2 yatchera kale. Kasunthidwe aka sikaopseza kanthu, ndikudziwa, komatu n'kamene kakusiyirani masewera amoyo, ndipo masekondi atatu akukwanirani.

Kuchokera apo, kanani kusinthana maruku, chifukwa hatchi ndi maponi zidzakumalizani mosavuta. Maponi okha sinthanani mosanyinyirika. Ake akatha onse, ruku ndi hatchi kulimbana ndi ruku nthawi zambiri zimathera dulowo, popanda wopambana. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chesi padziko lonse, amatinso nthawi ikakutherani koma mnzanu alibe njira iliyonse yovomerezeka yochitira chekimeti, ndi dulowo. Chitsanzo ndi iye mfumu ndi hatchi, inu mfumu yokha. Chenjerani: mukatsala ndi kaponi kamodzi, kawirikawiri njirayo imakhalapo, ndipo mwagonja.

Musanayambe masewera, funsani ngati wotchiyo ikuwonjezera masekondi mukasuntha. Ngati ikuwonjezera, kusuntha kawiri katatu mofulumira koma motetezeka kukubwezerani mpata woganiza. Ngati siikuwonjezera, sankhani chida chosuntha pang'ono, makamaka cha kufupi ndi wotchi, ndipo mudine ndi dzanja lomwe mwasunthiralo, monga lamulo linenera.