Kupempha dipoziti kwa wogula watsopano wa kunja osamuthamangitsa

Funso: Abale, ndithandizeni. Ndili ndi kampani ya mbewu ku Kanengo, ndipo ndapeza wogula wa ku Dubai wofuna kontena imodzi ya soya, matani 20, pa $600 tani. Ndinamulembera kuti, "Chonde tumizani ndalama zonse msanga sabata ino chifukwa mitengo ikukwera ndipo tilibe ndalama zogulira. Tikhulupirireni, ndife oona mtima. Tumizani ku akaunti yanga, ya kampani sinatheke." Papita masiku anayi ali zii. Ndilembe bwanji kuti asandione ngati wakuba?

Yankho: Achimwene, kupempha ndalama katundu asanatuluke si chinthu chachilendo kwa wogula mbewu wa ku Dubai. Amakumana nazo tsiku ndi tsiku. Chomwe chamutontholetsa n'chakuti uthenga wanu uli ndi zizindikiro zonse zomwe aku ofesi yake ya zachuma anaphunzitsidwa kuthawa: ndalama zonse, mofulumira, ku akaunti ya munthu, kuphatikizapo kudandaula ndi kulumbira. Kumbukirani kuti amene mukucheza naye pa WhatsApp nthawi zambiri si amene amasainira ndalama. Iye amatenga uthenga wanu kupita nawo kwa abwana ake, ndipo abwanawo sanamvepo mawu anu. Amangoona pepala. Choncho lembani zoti munthu wosakudziwani awerenge n'kupeza dzina loti afufuze, nambala yoti awerengere, ndi tsiku loti akugwireni nalo.

Yambani ndi akaunti, chifukwa musanakonze imeneyi zina zonse n'kutaya nthawi. Dzina la pa setifiketi yolembetsera kampani, dzina la pa invoisi ndi dzina la pa akaunti zikhale chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo. Ngati kampani ili ndi Limited kumapeto, Limited aoneke ponse patatu. Wogula akaona kuti invoisi ndi ya kampani koma ndalama zikupita kwa munthu, amaganiza kuti mwina imelo yanu yabedwa, kapena ndinu wantchito amene akuzembetsa malonda a abwana ake. Ngakhale iye atakukhulupirirani, banki yake ikhoza kuimitsa ndalamazo. Ndi kuno komwe zikanakuvutani: katundu wotuluka m'dziko amayenda ndi fomu ya CD1 yomwe imadutsa ku banki yanu, ndipo ndalama zolowa ziyenera kugwirizana ndi wotumiza katundu amene walembedwa pa fomuyo. Pitani ku banki mutsegule akaunti ya madola ya kampani, ija amalemba kuti FCDA, ndipo muwapemphe kalata yotsimikiza akauntiyo, ya chidindo chawo, yokhala ndi nambala ya SWIFT. Za Western Union, MoneyGram kapena ndalama za pa foni musazitchule n'komwe.

Chachiwiri, chotsani pempholo m'macheza muliike mu pulofoma invoisi, invoisi yoyambirira yosonyeza mtengo ndi mfundo za malonda katundu asanatumizidwe. Dipoziti ikabwera ngati uthenga wa usiku pa foni imamveka ngati kupempha thandizo. Ikakhala mzere umodzi pakati pa mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lopakira, imakhala lamulo la malonda ngati ena onse, loti munthu avomere kapena anenerere. Pulofomayo ikhale ndi nambala yake, tsiku, adiresi ya nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, TPIN yanu ya ku MRA, ndi tsiku lomwe mtengowo uthere mphamvu.

Tsiku lotha mphamvuli ndi limene limalowa m'malo mwa mawu oti "msanga". Nkhawa yanu ndi yoona, mitengo ya soya kwa mavenda imasuntha. Koma "tumizani sabata ino" amamveka ngati kumukankha munthu asanaganize. "Mtengo uwu ugwira ntchito kwa masiku 10 kuchokera tsiku la pulofoma" akunena chinthu chomwecho, ndipo wogula mbewu aliyense amamvetsa chifukwa chake popanda kumufotokozera.

Tsopano kuchuluka kwa ndalamazo, pomwe pali nkhani yeniyeni. Matani 20 pa $600 ndi $12,000. Mukapempha zonse, ndiye kuti chiopsezo chonse mwamusenzetsa iye, munthu amene sanaonepo thumba lanu ngakhale limodzi. Chomwe chimamveka chachizolowezi pa malonda oyamba ndi magawo awiri: 30 pa 100 alionse poyamba, yomwe ndi $3,600, kenako $8,400 yotsala akaona kope ya chikalata cha sitima, chija chimalembedwa B/L. M'pulofoma mzerewo amaulemba motere, ndipo ulembeni ndendende, chifukwa aku banki ndi aku ofesi yake amauzindikira pongouona; T/T ndi kutumiza ndalama kudzera ku banki:

```
30% T/T advance, 70% T/T against copy of B/L
```

Chomwe chimakutetezani pa dongosololi ndi zikalata zenizeni za B/L, zomwe kawirikawiri zimatuluka zitatu. Inu mumatumiza chithunzi chokha. Zenizenizo mumazigwira, kapena simuuza akampani ya sitima kuti amasule katundu, mpaka $8,400 italowa. Popanda izo iye sangatulutse kontena pa doko la Jebel Ali ku Dubai. Koma samalani apa. Chitetezochi chimagwira ngati inuyo ndi amene mwapeza sitima ndipo dzina la kampani yanu ndi limene lili pa B/L ngati wotumiza, monga zimakhalira mukagulitsa pa CFR, pomwe inu mumalipira ulendo wa katundu mpaka pa doko la kwa wogula. Mukagulitsa pa FCA Lilongwe, katundu n'kutengedwa ku Kanengo ndi wonyamula wa wogulayo, soya wachoka m'manja mwanu ali pa galimoto ndipo mulibe chogwira. Pamenepo yotsalayo iyenera kulowa galimoto isanatuluke pa geti. Komanso onetsetsani kuti $600 mukukambiranayo ndi ya pati. Ulendo wa pa msewu kukafika ku Beira kapena ku Nacala, kuonjezerapo wa pa nyanja, umadya gawo lalikulu la mtengo, ndipo ambiri amavomera nambala asanafunse kuti katundu akaperekedwe kuti.

Ndikudziwa chomwe mufunse: $3,600 sigula matani 20. Zoona, ndipo si ntchito yake. Dipoziti ndi chikole choti wogula sathawa inu mutalongedza, si mpamba wonse wa bizinesi. Ngati simungakwanitse kudikira mpaka B/L itatuluka, pemphani magawo atatu ndipo gawo lililonse limangirireni ku chinthu chomwe munthu wina, osati inu, angachitire umboni. Mwachitsanzo $3,600 posainirana kontirakiti, $4,800 kampani yoyendera katundu monga SGS itatulutsa lipoti loti matumba 400 a makilogalamu 50 alipo ndipo akufika pa mlingo womwe munagwirizana, ndi $3,600 yomaliza pa kope ya B/L. Wogula amene wakana kupereka 70 pa 100 alionse pa mawu anu okha akhoza kuvomera ndalama zomwezo zikamatuluka lipoti litafika. Ngati ngakhale izi sizikukwana, vuto si kalembedwe ka uthenga ayi. Ndi mpamba, ndipo umenewo mukaufune ku banki kapena kwa mnzanu woti mugawane naye phindu, osati kwa wogula wa tsiku loyamba.

Chifukwa chofunira dipoziti chinenedwe m'chiganizo chimodzi, chonena ntchito osati mavuto. "Tilibe ndalama zogulira" akumuuza kuti soyayo kulibe, ndipo mwina ndalama zake zikabweza ngongole ina. "Dipoziti ndi yosungira katundu wanu, kupeta, kulongedza ndi kusungitsa malo pa sitima" akumuuza komwe ndalama zake zikupita. Koma musaname kuti matani onse ali kale m'nyumba ngati muli ndi 8 okha. Nenani kuti 8 alipo, 12 akwanira m'masiku 14. Akadzapempha kuti muyende ndi foni ya vidiyo m'nyumba yosungiramo, bodza limagwidwa mphindi imodzi. Mawu oti "tikhulupirireni" ndi "ndife oona mtima" afufuteni onse. Wakuba aliyense amayamba ndi amenewo.

Uthenga woperekeza pulofoma ukhale waufupi. Mfundo zake ndi izi, mukaziike m'Chingerezi chosavuta:

"Zikomo pofuna soya wathu. Taikamo pulofoma nambala 014 ya matani 20, matumba 400 a makilogalamu 50, chinyezi chosapitirira 12 pa 100, pa $600 tani CFR Jebel Ali. Pa oda yoyamba timalandira 30 pa 100 poyamba ndi yotsala pa kope ya B/L. Tidzapakira pasanathe masiku 21 dipoziti italowa. Tikalephera kupakira pofika tsikulo, muli ndi ufulu wothetsa kontirakiti ndi kubwezeredwa dipoziti yonse. Taikamonso setifiketi ya kampani, kalata ya banki ndi chiphaso chotulutsira katundu. Mukhoza kutumiza woyendera katundu wa kusankha kwanu ku Kanengo. Ngati kampani yanu imakonda L/C, tiuzeni tikambirane."

Ziganizo ziwiri zomalizazo zimagwira ntchito yaikulu kuposa zonse. Wofuna kuba saitana woyendera katundu, ndipo amakana njira ina iliyonse yolipira kupatula ija akufuna. Kutchula L/C, kalata ya banki ya wogula yolonjeza kulipira ikaona zikalata za katundu, sikukutanthauza kuti muyenda nayo. Pa kontena imodzi ndalama zomwe mabanki amadula ndi kuvuta kwa zikalata zimachititsa ogula ambiri kusankha okha dipoziti. Pa za kubweza, musalonjeze masiku awiri. Kutulutsa madola m'dziko muno kumadutsa ku banki ndi zikalata zake, choncho afunseni aku banki nthawi yomwe angakwanitse ndipo mulembe imeneyo. Ndipo chiphaso cha ku Unduna wa Zamalonda chikhale m'manja musanalandire tambala imodzi, chifukwa malamulo otulutsira soya amasintha ndi nyengo. Kulandira dipoziti kenako n'kukanika kutulutsa katundu kumaoneka chimodzimodzi ndi kuba, ngakhale mtima wanu unali woyera.

Pali tinthu tiwiri tating'ono tomwe timayambitsa mkangano ndalama zitatumizidwa kale. Koyamba ndi zodula za mabanki. Wotumiza amasankha OUR kuti alipire yekha zodula zonse, SHA kuti mugawane, kapena BEN kuti zonse zidulidwe kwa inu. Akasankha SHA, mabanki apakati amadulapo ndipo $3,600 imafika yoperewera pang'ono. Inu mukapempha yotsalayo, iye amadabwa. Lembani m'pulofoma kuti ndi OUR, kapena mugwirizane kale amene alipire. Kachiwiri, mupempheni kope ya uthenga wa SWIFT wotsimikiza kuti ndalama zatumizidwa, yochokera ku banki yake, yokhala ndi nambala ya pulofoma, koma musayambe kupakira chifukwa cha pepalalo. Mapepala otero amapekedwa. Dikirani banki yanu itsimikize kuti ndalama zili mu akaunti. Naye mufufuzeni: pemphani kope ya laisensi ya kampani yake, ndipo ndalama zichokere ku akaunti ya dzina lomwelo, osati kwa munthu wina wa dziko lachitatu.

Poti uthenga woyamba unapita kale ndi akaunti yanu, tsopano mukusintha akaunti pakati pa zokambirana, chomwenso ndi chizindikiro chimene ogula amachiopa kwambiri. Musangotumiza nambala yatsopano mwakachetechete. Muimbireni pa vidiyo kuchokera pa nambala yomwe akuidziwa kale, mumuuze kuti uthenga uja auiwale, malipiro onse adutsa ku akaunti ya kampani, ndipo kalata ya banki ikubwera pamodzi ndi pulofoma. Kupepesa kukhale kwa chiganizo chimodzi. Mukatumiza, mupatseni masiku atatu a ntchito musanamukumbutse, ndipo pokumbutsapo mufunse ngati pali chikalata china chomwe aku ofesi yake ya zachuma akufuna kuona.