Marandi angati a ulendo wa ku Joni?

"Ndikupita ku Joni pa basi kwa nthawi yoyamba, kukakhala masiku asanu ndi kukapikula katundu pang'ono. Ndisinthe ndalama zingati ndisananyamuke, nanga tsiku lililonse ndizidya zingati?"

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa ndalama ya ulendo timaitolera movutika, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse imene munthu waigwira m'manja imakhala kuti yamudyera thukuta lochuluka.

Ndikukumbukira ulendo wina pamene ndinakhala moyandikana ndi mayi wachikulire wa ku Chiradzulu. Iwo anali atasintha ndalama zawo zonse n'kulandira mapepala a R200 okhaokha, amene anawamanga pamodzi m'kansalu ka m'chiuno. Titadutsa Mwanza ndi Zobue, anafuna kugula madzi, koma wogulitsa analibe chenji. Pa boda ya Nyamapanda, polowera ku Zimbabwe, anafuna kulowa m'chimbudzi cholipira, ndipo anachita kumasula mpukutu wonse anthu akuona. Pa boda ya Beitbridge, polowera ku South Africa, tinachedwa maola ambiri pamzere, njala inawapweteka, ndipo anagula chakudya pamtengo umene wogulitsa anangotchula, chenji n'kupatsidwa mosakaniza ndalama zimene sankazidziwa. Pofika pa Park Station, depoti ya mabasi ya ku Joni, anali atadya kale gawo la ndalama ya katundu, ndipo nkhope yawo inali yakugwa. Mayiwo sanali osasamala ayi. Palibe amene anawauza kuti njira nayonso imadya ndalama, ndiponso kuti ulendowu umadutsa m'mayiko awiri, Mozambique ndi Zimbabwe, musanafike kumene mukupita.

N'chifukwa chake ndimakana ndithu malangizo akuti "ingosinthani zonse zimene muli nazo." Ndimakananso akuti "khadi la kubanki likwanira." Ine khadi langa linakanidwapo m'sitolo ina ku Joni ngakhale kuti m'akaunti munali ndalama, chifukwa mabanki akwathu amaika malire pa ndalama zimene khadi lingagwiritse ntchito kunja, ndipo malirewo amasintha. Pitani kubanki kwanu mukafunse malire a lero musananyamuke. Khadi likagwira, ndipo makina akakufunsani ndalama yolipirira, sankhani ZAR, kutanthauza marandi. Koma dziwani kuti mathekisi a ku Joni ndi ogulitsa ambiri a m'misewu amafuna ndalama ya m'manja.

Za osintha ndalama a pamseu ndi a paboda ndinene mosabisa: ndikudziwa kuti anthu amapitako chifukwa m'mabanki ndalama zakunja zimasowa, koma kumeneko n'kumene kumachokera mapepala achinyengo ndi mipukutu yoperewera, ndipo lamulo silikutetezani. Yambani msanga kufunsa kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, mutatenga pasipoti ndi tikiti ya basi, ndipo lisiti muisunge. Pabolodi pamakhala mitengo iwiri, ndipo inu mudzagula pamtengo wokwerawo. Marandi otsala mukadzawabweza adzawagula pamtengo wotsikawo, choncho kusintha mopitirira muyeso n'kuluza kawiri.

Kawerengedwe kake

Musayambire pa makwacha amene muli nawo, koma pa tsiku limodzi la ku Joni. Tiyerekeze kuti wachibale kapena mnzanu amene wabwerako posachedwa wakuuzani kuti chogona ndi R400, chakudya R200, mathekisi R100, ndipo mayunitsi ndi madzi R50. Pamenepo tsiku lanu ndi R750, ndipo masiku asanu ndi R3,750. Onjezani ya panjira, tinene R300 popita ndi R300 pobwera, m'mapepala a R10, R20 ndi R50. Onjezaninso ya masiku awiri apadera, R1,500, chifukwa basi imatha kuwonongeka kapena kudzaza. Zonse pamodzi zakwana R5,850, ndipo ndalama ya katundu sinalowemo. Imeneyo ikhale payokha, pamodzi ndi yolipirira katunduyo pabasi.

Ndalama ya tsiku lililonse muiike mu envelopu yake, ndipo m'mawa muzitenga imodzi yokha, zotsalazo zikhale zobisika m'malo awiri osiyana. Mukakhala kumeneko lekani kutembenuza mtengo uliwonse kukhala makwacha m'mutu, chifukwa mudzadzimana chakudya kenaka n'kuwononga zambiri pa chinthu chimene chaoneka chotsika. Funso likhale limodzi: mu envelopu ya lero mwatsala zingati? Ikatha dzuwa lisanalowe kwa masiku awiri otsatizana, ndiye kuti bajeti inachepa, ndipo muchepetse katundu wopikula, osati kukhudza ya masiku apadera.

Tsiku lomaliza gwiritsani ntchito ndalama zonse zachitsulo, pakuti kuno sazisintha. Ndipo musasinthe makwacha onse: msonkho wa katundu pa Mwanza mudzalipira m'makwacha, chimodzimodzinso minibasi yokufikitsani kunyumba.