Mbuzi zinadya psiti: kumasulira mvekero m'Chingerezi

"Zikomo achimwene. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kwa Mkanda kuno ku Mchinji. Sabata yatha kunabwera alendo akunja kudzaona madimba a m'mudzi mwathu, ndipo amfumu anandipempha kuti ndizimasulira. Agogo ena anaimirira nati: 'Nditafika kudimba ndinapeza kuli zii, mbuzi zadya mpiru wonse psiti, ine ndinangoti kakasi.' Anthu onse anagwidwa chisoni, koma ine nditamasulira, alendo aja anangogwedeza mitu ngati ndawauza mtengo wa mchere. Kodi mawu oterewa amamasuliridwa bwanji? Kapena Chingerezi changa ndiye chochepa?"

Aphunzitsi, Chingerezi chanu musachinamizire. Ndikuganiza kuti munauza alendowo zoona zokhazokha: agogo anafika kudimba, mbuzi zinadya ndiwo, agogo anadabwa. Palibe bodza pamenepo. Koma munatola aneni okha n'kusiya pansi mawu atatu amene ananyamula nkhani yonse, zii, psiti ndi kakasi. Amenewa ndi aja timawatcha mvekero m'kalasi, pafupi ndi mfuwu pa mndandanda wa mitundu ya mawu, ndipo ana amakonda kuzisokoneza ziwirizi. Mfuwu, monga "Mayo!" kapena "Kalanga ine!", umatulutsa zimene zili mumtima mwa woyankhula. Mvekero umaloza chinthu chimene chinachitika, kuti womvera achione ngati analipo. Akatswiri a zilankhulo amautcha aidiyofoni, dzina limene linafala kudzera mwa Clement Doke, amene anaufotokoza m'buku lake la mu 1935 lonena za zilankhulo za Chibantu.

Ambiri amaganiza kuti mvekero ndi kutsanzira phokoso basi. Ina ndi yotero ndithu: mwala ukagwa m'chitsime umati chubwi, chitseko chomasuka chimati gwedegwede. Koma taonani itatu ya agogo aja. Zii ndi kusowa kwa phokoso. Psiti ndi kutha kwa chinthu. Kakasi ndi mmene thupi la munthu limaumira akasowa chochita. Palibe ndi umodzi womwe umene khutu lingaumve kudimbako. Ichi ndicho chimavutitsa womasulira, chifukwa Chingerezi chili ndi timawu take totsanzira phokoso, koma timapezeka kwambiri m'nthano za ana ndi m'mabuku a zithunzi zoseketsa. Munthu wamkulu akatigwiritsa ntchito pa msonkhano amaoneka ngati akuchita nthabwala. Kwathu kuno nkhalamba imanena mvekero pabwalo la milandu, pamaliro, ngakhale pa ulaliki, ndipo palibe amene amaseka.

Tiyambe ndi zii, chifukwa ndiye wolemera kwambiri. Agogowo anali ndi mawu ambiri oti asankhepo. Akanati kunali chete, tikanamva kuti anthu analipo koma samayankhula, monga m'kalasi mwanu aphunzitsi aakulu akalowa. Akanati kunali phee, tikanamva bata, zinthu zili m'malo mwake, madzi osagwedezeka. Munthu amene wangoti duu wakhala pamenepo, wafunsidwa koma sakuyankha. Amene wangoti ndwii wakwiya, watupa nazo. Amene wangoti zyoli waweramitsa mutu ndi manyazi kapena chisoni. Onsewa sakuyankhula, koma mwana wa ku Kasungu wa zaka zisanu ndi ziwiri sangawasokoneze. Agogo anasankha zii, kutanthauza kuti kudimbako kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Mnyamata woweta mbuzi kunalibe, wolondera kunalibe, ngakhale mbuzi zimene zinali zitapita kale. M'liwu lalifupi limenelo muli dandaulo, ndipo anthu a m'mudzimo analimva: pali wina amene anayenera kukhalapo koma sanalipo. Alendo anu sanamve dandaulo limeneli chifukwa silinawoloke.

Chenjerani nayenso zii yemweyu, pakuti amasintha malinga ndi chimene wakhalira. Ndiwo zopanda mchere zili zii. Munthu amene anapita ku Joni osatumiza ngakhale uthenga timati wangoti zii. Achinyamata nawo akati "za zii" ndiye kuti nkhani yanu ndi yopanda pake. Choncho musaloweze liwu limodzi la Chingerezi n'kumati ndilo zii. Muziyamba mwafunsa kuti chimene chasowa pano n'chiyani, anthu, mchere, kapena uthenga.

Psiti ndi wosavuta. Mneni "zadya" sanena kuchuluka kwake. Mbuzi ikhoza kudya masamba atatu ndipo yadyabe. Ngakhale "wonse" timamunena mokokomeza tsiku lililonse. Psiti amatseka khomo: sipanatsale ngakhale tsinde loti n'kuphukira. Nkhaniyi ikanakhala mlandu kwa amfumu, chipepeso chikanayezedwa pa liwu limeneli.

Kakasi ndi amene ndikukhulupirira kuti munamumasulira kuti "anadabwa". Kudabwa kulipo kwamitundumitundu. Wolandira mphatso mosayembekezera amadabwa, koma sati kakasi. Kakasi ndi munthu amene waima chilili, manja ali lende, pakamwa palibe mawu, mutu sukumupatsa chochita. Muli kuthedwa nzeru, ndipo muli nthawi: anakhala choncho kwa kanthawi ndithu.

Nanga mukanatani? Njira imene ine ndimatsata ndi iyi. Ndimachotsa mvekero m'chiganizo, m'Chichewa momwemo, n'kumvetsera chimene chatayika. Chotayikacho ndimachinena m'Chichewa wamba, ngati ndikufotokozera mwana wobadwira m'tauni amene sanakhalepo kumudzi. Ndikatero m'pamene ndimapita ku Chingerezi. Mawu a agogo aja akanasanduka chonchi: "Nditafika kudimba sindinapezeko munthu aliyense, ngakhale woweta mbuzi. Mbuzi zinali zitadya mpiru wonse mpaka pansi, osasiyako ndi tsamba limodzi lomwe. Ndinangoima pamenepo nthawi yaitali, osadziwa chonena kapena chochita." Zimenezi mukhoza kuzinena m'Chingerezi popanda kupunthwa. Mwaona kuti chiganizo chimodzi chabala zitatu. Musachite nazo manyazi. Womasulira amene wamaliza msanga kuposa mwini nkhani wa mivekero yambiri, dziwani kuti wataya katundu panjira.

Pali kanjira kachidule kamene kamathandiza mukazolowera. Chichewa chimakonda mneni wamba, kenako mvekero n'kumaliza ntchito: anayenda dzandidzandi, anayenda nyang'anyang'a, anayang'ana dwii, anagwa khu. Chingerezi chimalowetsa kachitidweko m'kati mwa mneni mwenimweni. Chili ndi mneni wakewake wa kuyenda kwa woledzera, wina wa kuyenda monyang'ama, wina wa kuyang'anitsitsa osaphethira. Ndiye mukamva mneni ndi mvekero zili pamodzi, musamasulire chilichonse pachokha. Funani mneni mmodzi wa Chingerezi amene wameza zonse ziwiri. Pa kayendedwe, kagwedwe ndi kayang'anidwe njirayi imagwira bwino. Pa mitundu imagwira pang'ono: kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu, Chingerezi chimayerekeza ndi chinthu, monga magazi kapena makala. Pa zii ndi kakasi siigwira konse, muyenera kutambasula basi.

Chimene chimapulumutsa womasulira pa msonkhano, pamene palibe nthawi yoganiza, ndi kudziwa mvekero usanafike. Uli ndi mapazi ake. Kawirikawiri umabwera pambuyo pa "-ti" kapena "-li": anangoti balamanthu, kumwamba kuli bii, chimanga chili biriwiri. Mukangomva "anangoti", konzekani. Sulandira zizindikiro za nthawi kapena za mwininkhani monga amachitira mneni. Zonsezo amasenza ndi "-ti" uja, mvekero umangokhala mmene ulili. Ndipo wambiri uli ndi mneni wachibale amene angakupatseni tanthauzo ngati simunaumvepo: dzambatu ndi kudzambatuka, cheu ndi kucheuka, tembenu ndi kutembenuka, balala ndi kubalalika, ng'aning'ani ndi kung'anima. Koma abalewa salingana ndendende. "Anadzambatuka" akukuuzani zimene zinachitika. "Anangoti dzambatu" akukuikani m'chipindamo pa nthawi imene bulangete likuuluka.

Mvetseraninso kutalika ndi kubwereza. Chichewa sichisiyanitsa mawu wamba potalikitsa lembo la liwu, n'chifukwa chake sitilemba malembo a liwu awiri ofanana mwachisawawa, koma pa mvekero timatero. Agogo akakoka kuti ziiii, ndiye kuti anaima n'kumvetsera, anayang'ana uku ndi uku. Gwede kamodzi ndi chinthu chimene chasuntha kamodzi, mwina mbala yakhudza chitseko. Gwedegwede ndi chitseko chimene chakhala chikuvuta chaka chonse. Cheu ndi kamodzi, cheucheu ndi munthu wamantha amene akuthawa kanthu. Zonsezi m'Chingerezi zimafuna mawu owonjezera onena kuti kamodzi, mobwerezabwereza kapena kwa nthawi yaitali.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Ndili mnyamata ndinkamasulira kutchalitchi kwathu, kufupi ndi phiri la Kasungu, mlendo wina atabwera. Mkulu wa mpingo ankasimba za chaka cha njala cha 2002, ndipo anati anatsegula nkhokwe n'kupeza muli mbee. Ine, pokumbukira za m'kalasi kuti mbee ndi wa kuyera, ndinauza mlendoyo kuti nkhokwe inali yoyera bwino, yaukhondo. Mlendo anamwetulira n'kuyamikira. Mkulu uja anandiyang'ana dwii. Iye amatanthauza kuti munalibe ngakhale njere imodzi, pansi pa nkhokwe pamaoneka poyera. Chizindikiro chakuti mwaphonya n'chimenecho, aphunzitsi: nkhope za anthu a kwanu zikunena china, nkhope ya mlendo ikunena china. Mukaona zimenezo imani, mubwereze.

Pali gawo limene silingawoloke ngakhale mutatambasula bwanji, ndipo ndi la thupi. Agogo anga akamati psiti ankapititsa chikhatho pakamwa ngati akupukuta, mawu n'kukwera m'mwamba. Ndikukhulupirira agogo a kwa Mkanda anachitanso kena kake ndi manja. Alendo anu anaziona zimenezo ndi maso awo, kungoti sanadziwe kuti dzanjalo likupita ndi liwu liti. Ulendo wina mukadzamaliza kufotokoza m'Chingerezi kuti sipanatsale tsamba, mudzabwereze liwu la agogolo mmene analinenera, psiti, ndi dzanja lomwe. Ine ndinayamba kutero pambuyo pa nkhani ya nkhokwe ija, ndipo mlendo wina amene tinadya naye nsima ya nkhwani wotendera, atamaliza anandionetsa mbale yake n'kulinena yekha.