Nambala 9 ya ku Amereka si 9 ya kwathu kuno

"Ndimagulitsa nsapato pa WhatsApp. Mwezi uno anthu atatu andibwezera katundu ponena kuti ikuthina, chonsecho ndinawatumizira nambala yomwe anaitchula okha. Kodi saizi ndiziilemba bwanji kuti izi zithe?"

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa nsapato zimene ndinagulira bambo anga pokonzekera ukwati wa mchemwali wanga. Bambo akhala akuvala 9 moyo wawo wonse, ndipo nditaona nsapato yakuda yachikopa pa chithunzi, ndinangofunsa wogulitsayo ngati 9 ilipo. Anati ilipo, ndinalipira, katundu anakwezedwa basi mpaka kumudzi. Pa tsiku la ukwati bambo anaivala osanena kanthu, koma pofika nthawi ya perekaniperekani ndinawapeza atakhala kuseri kwa holo, nsapato atavula, chidendene chili ndi thuza lophulika ndipo sokosi itamatirira pabalapo. Nditatembenuza lilime la nsapatoyo ndinapeza kachizindikiro kolembedwa US 9, UK 8, EUR 42. Wogulitsa uja anawerenga nambala yoyamba imene maso ake anaona, ndipo ine sindinafunse kuti 9 yake ndi ya dziko liti. Zimandiwawabe kuti munthu wamkulu anapirira tsiku lonse pofuna kusandichititsa manyazi.

Nambala imene ambiri kuno timaitchula ndi ya ku Britain, yomwenso imagwira ntchito ku South Africa. Pa muyeso umenewu, kuchoka pa nambala imodzi kufika pa yotsatira nsapato imatalika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi, omwe ndi mamilimita pafupifupi 8.5. A ku Amereka amakwera ndi mlingo womwewo koma amayambira pena, motero nsapato ya abambo ya US kawirikawiri imakhala nambala imodzi pamwamba pa ya UK, pamene ya amayi imakhala pafupifupi manambala awiri pamwamba. Ndiye kuti bambo anga anavala nsapato yoperewera ndi mamilimita osakwana 9, ndipo kuperewera kochepa chomwecho n'kokwanira kusupula khungu. Mayi wovala 6 akatumiziridwa US 6 ya amayi amakhala walandira 4, ndipo phazi silingalowe n'komwe.

Manambala a ku Ulaya, a 38 kapena 42 aja, amakwera ndi magawo awiri mwa atatu a sentimita, omwe ndi mamilimita pafupifupi 6.7. Popeza 8.5 ndi 6.7 sizikumana bwino, palibe tchati chimene chingagwirizanitse UK ndi EUR ndendende, ndipo n'chifukwa chake UK 9 kampani ina imailemba 43 pamene ina imailemba 42.5 kapena 44. Chinanso n'chakuti manambalawa anayambira pa kutalika kwa chikombole chimene amaumbirapo nsapato, osati pa phazi la munthu, ndipo mpata umene amasiya kutsogolo kwa zala umasiyana malinga ndi wopanga. Nsapato zambiri zochokera ku China zimasokoneza kwambiri, chifukwa pa kawerengedwe kakale ka kumeneko 42 ndi ya phazi la masentimita 26, pamene 42 ya ku Ulaya imafika pafupifupi 26.5.

Pachifukwa ichi ine ndinafika potsimikiza kuti wogulitsa amene amalemba nambala yokha, osatchula muyeso wake ndi masentimita, akutchova njuga ndi ndalama za kasitomala. Ena amati ogula ndi amene ayenera kudziwa mapazi awo, koma ine sindivomereza zimenezo. Nsapato ili m'manja mwa wogulitsa, lula ali nayo, ndipo wogula ali kutali akungoona chithunzi. Pa msika wa kaunjika munthu amakhala pa benchi, kuvala, kuponda pansi kangapo, kenaka n'kunenerera mtengo, ndipo nambala ilibe ntchito kwenikweni. Pa foni mwayi woyesawo palibe, choncho chimene chingalowe m'malo mwake ndi muyeso umene sutengera dziko. Anthu a ku Japan amagula nsapato potchula masentimita a phazi, ndipo palinso muyeso wa dziko lonse wotchedwa Mondopoint umene umatchula kutalika kwa phazi mu mamilimita. Nsapato zambiri zamasewera zili kale ndi nambala imeneyi pa lilime, pamene palembedwa CM kapena JP, koma ambiri timangoilumpha.

Kuyeza kwake

Wogula aike pepala pansi pa simenti, m'mphepete mwake mutagunda khoma, ndipo aimirire papepalapo chidendene chitakhudza khomalo, atavala sokosi imene azidzavalira nsapatoyo. Munthu wina alembe kamzere kutsogolo kwa chala chachitali kwambiri, chimene kwa ena si chachikulu koma chachiwiri, cholembera chili chilili osati chopendekera pansi pa chala. Kenaka ayeze kuchokera m'mphepete mwa pepala kufika pa kamzereko. Ayenera kuima, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi, ndipo ndi bwino kuyeza madzulo pamene mapazi atupako ndi kuyenda kwa tsiku. Ayeze mapazi onse awiri ndi kukutumizirani muyeso wa lalikulu.

Tinene kuti kasitomala wapeza masentimita 26.1 kumanzere ndi 26.4 kumanja. Mugwiritse ntchito 26.4, ndipo nambala zoyandikira muzipeze motere:

```
EUR = 1.5 × cm + 2
UK = 3 × (cm ÷ 2.54) − 23
```

Ya ku Ulaya ikutuluka 41.6, imene muikweze kukhala 42. Ya ku Britain ikutuluka 8.2, ndiye kuti 8, ndipo ya abambo ya ku Amereka ndi 9. Pa nsapato ya ku China yotsata kawerengedwe kakale munthu yemweyu angafunike 43. Masamuwa akungokuuzani bokosi loyamba kulitsegula, koma chigamulo chili pa nsapato yeniyeniyo. Sololani chopondapo cha mkati, muchiyale pa tebulo ndi kuchiyeza kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga. Ngati n'chomatidwa, dulani kamtengo kowongoka kokwana mkatimo ndipo muyeze kamtengoko. Mkati mwa nsapato muyenera kuposa phazi ndi sentimita 1 mpaka 1.5, choncho phazi la 26.4 likufuna mkati mwa pakati pa 27.4 ndi 27.9. Nsapato yosongoka imafuna mpata woposa pamenepo, chifukwa kunsongako zala sizifikako.

Apa ndi pamene ogulitsa ena olemba masentimita amalakwitsabe. Amayeza mkati n'kupeza 27.5, amalemba 27.5 yokhayo, ndipo munthu wa phazi la 27.5 amagula n'kupeza zala zikugunda kutsogolo. Ena amayeza soli kunja, imene imatalika kuposa mkati. Pansi pa chithunzi chilichonse muzilemba zonse momveka, mwachitsanzo: UK 8, EUR 42, mkati masentimita 27.5, yokwana phazi la masentimita 26 mpaka 26.5. Wa phazi lotambalala mumupemphenso muyeso wozungulira pamene pali potambalala kwambiri, pafupi ndi zala, chifukwa kutalika kukhoza kukwana koma nsapato n'kumafinya m'mbali. Ndipo musanakweze katundu basi, mutumizireni kasitomala chithunzi cha chopondapo chija lula ili pamwamba pake, manambala akuoneka, kuti afananize ndi pepala lake.