Duwa lachikasu la ku Makwasa: ndi deliya kapena ayi?

"Achimwene, duwa ili ndinalijambula m'mbali mwa msewu ku Makwasa. Kodi ndi deliya? Ndikufuna kunyika masamba ake ndizipopera ndiwo zanga kudimba."

Achemwali, musanyike kaye. Chimene chaoneka bwino pachithunzi chanu ndi tiyi wa kumbuyo uja, duwalo langokhala chinthu chachikasu chambuu. Koma ngakhale likanaoneka bwino, sindikanalumbira, chifukwa mwalijambula kumaso, ndipo maluwa a banja la mpendadzuwa amafanana kwambiri kumaso: pakati bwalo, m'mbali timapiko tachikasu. Kwathu kuno, deliya, amene akatswiri amati Tithonia diversifolia, amatha kusokonezeka ndi Bidens steppia, m'bale wake wa chisoso wa maluwa akuluakulu achikasu amene amachuluka mvula ikamatha. Kusiyana kwawo kuli pamalo amene simunajambule.

Mukabwererako, yambani ndi tsinde, pamene masamba atulukira. Pa deliya, tsamba limatuluka limodzi apa, lina pamwamba pake mbali ina, ndipo limagawika ngati zala zonenepa, zitatu kapena zisanu. Abale a chisoso masamba awo amatuluka awiriawiri moyang'anana, ndipo a Bidens steppia amakhala ong'ambikang'ambika kwambiri. Musathothole tsamba n'kulijambula palokha, chifukwa mukatero mwataya umboni wa momwe linakhalira patsinde. Ine ndikauzidwa kuti ndisankhe chithunzi chimodzi chokha, ndimasankha chimenechi, duwa ndimalisiya.

Kenako pendekani duwalo mulijambule kumsana. Kamtengo konyamula duwa la deliya kamafufuma kakamafika pamutu, ndipo mukakafinya mumamva kuti m'kati mwake ndi mphako. Chithunzi cha kumaso chimabisa zimenezi.

Chomaliza, bwererani m'mbuyo mujambule chomera chonse, wina ataima pambali pake. Deliya wokhwima ndi chitsamba cha mamita awiri kapena atatu, ndipo kunsi kwake kumalimba ngati mtengo. Pachithunzi chanu palibe choyerekezera, moti duwalo likhoza kukhala ngati chivindikiro cha botolo kapena ngati chikhatho. Bokosi la machesi pambali pa duwa limathetsa nkhaniyo.

Za mbuu uja, foni imathamangira chimene chadzaza diso lake, ndiye inasankha tiyi. Ikani dzanja kapena pepala kumbuyo kwa duwa, dinani duwalo pagalasi la foni mpaka lioneke bwino, ndipo musayandikire mopitirira, poti mafoni ambiri amalephera chinthu chikakhala pamphuno. Kukakhala mphepo, gwirani tsinde ndi zala ziwiri. Ndinaphunzira izi nditatsika ku Chambe, paphiri la Mulanje, ndi zithunzi zambirimbiri za udzu wooneka bwino, maluwa onse ali mbuu.

Mukapeza mutu wouma wa njere, mujambulenso umenewo. Zithunzizo munditumizire musanadule tsamba ngakhale limodzi lonyika.