Mzere umene unabwera wokha ndiwo woyamba kuukayikira

"Ndamaliza ndakatulo yolira malume anga, amene anali msodzi ku Senga Bay, koma ndikuopa kuti mizere ina ndinaiwerenga kwina kalekale. Ndingadziwe bwanji ndisanakailakatule pagulu?"

Pepani ndi maliro, achimwene. Musavutike ndi mizere imene munalimbana nayo, kufufuta ndi kulembanso, chifukwa imeneyo kawirikawiri imakhala yanuyanu. Yambani ndi mzere umene unangotsetsereka wokha, wosalala kuposa inzake, pakuti mawu amene tinaloweza tili ana amabwerera ngati athu.

Ikani pepalalo pambali masiku atatu, kenaka muwerenge mokweza, ndipo pa mzere wokayikitsawo muime pakati. Ngati lilime likufuna kumaliza ndi mawu ena amene simunalembe, kapena mwayamba kung'ung'udza nyimbo, dziwani kuti mzerewo uli ndi mwini wake.

Zinandichitikira polemba za asodzi a ku Chia, kwathu kuno ku Nkhotakota. Ndinalemba kuti, "Mwera ukaleka, unditsogolere ku madzi odikha," ndipo ndinkaunyadira mzerewo kufikira tsiku limene ndinaima pa "unditsogolere", m'mutu n'kumveka za busa lamsipu. Linali Salimo 23 monga lilili m'Buku Lopatulika. Poyamba ndinangochotsa "odikha" n'kuikapo "abata", koma zinali zachabe, popeza wotsogolera, wotsogoleredwa ndi madziwo zinatsala m'malo mwake, ndipo aliyense wopita kutchalitchi akanazindikirabe. Chinathandiza n'kutaya chithunzi chonsecho ndi kubwerera ku zimene ndinaona ndi maso: "Mwera ukaleka, tidzakankha bwato, nyali zikayitane usipa." Sunasalale ngati woyambawo, koma palibe angaulande.

Mutha kulembanso mawu anayi kapena asanu otsatizana pa Google, mutawatsekera m'zizindikiro izi " ", kuti ifufuze mawuwo monga momwe alili. Njirayi imagwira msanga mavesi a m'Baibulo ndi nyimbo ya fuko, koma ikapanda kupeza kanthu musati mwapulumuka, chifukwa ndakatulo zambiri za Chichewa zili m'mabuku a kusukulu ndi m'makutu mwa amene anazimva pa wailesi. Choncho kaiwerengereni anthu awiri, mphunzitsi wakale wa Chichewa ndi mayi wa kwaya, ndipo musawafunse ngati yakoma (pa maliro aliyense adzati yakoma), koma muwafunse pamene pakuwakumbutsa mawu ena.

Mwambi usakudetseni nkhawa, popeza ndi wa tonse. Ngakhale vesi likhoza kutsala ngati malume anu ankalikonda, bola liikidwe poyera kuti omvera adziwe kuti mwalitchula dala. Mzere wa mlakatuli wina wokha ndiwo muuchotse, kapena mumutchule mwiniwakeyo pansi pa mutu wa ndakatulo yanu.